Kanema wa phunziro asamalize bandulo ya mwana

Lero ndati tikambirane za makanema amene timajambula pafoni n'kutumizira ana asukulu. Chizolowezichi chinakula mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Kovidi-19, ndipo ambirife tinachipitiriza. Ine ndimajambulabe maphunziro a masamu pa holide, makamaka a ana a fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE.

Mwana amene ndimamuganizira ndikamajambula ndi uja wobwereka foni ya amalume ake madzulo, bandulo yake yogulidwa ndi ndalama yomwe ikanagula sopo, netiweki yake yochita kuisakira pachulu. Kanema akakhala wamkulu, mwanayo samutsitsa n'komwe. Kanema akafinyidwa mopitirira, amatsika ndithu, koma ka 2 kapamwamba pa x² kamaoneka ngati 3 kapena ngati kadontho, ndipo chizindikiro chochotsera chimasowa. Pamenepo mwana walipira kuti aphunzire zolakwika. Choncho ntchito yathu ndi kupeza malo apakati, pamene fayilo yachepa koma ka 2 kaja kakuwerengekabe.

Tiyambe ndi masamu, poti ndiye kwathu. Kukula kwa fayilo ya kanema kumadalira zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa kanemayo, ndi kuchuluka kwa data imene amadya pa sekondi iliyonse. Chachiwirichi chimatchedwa bitireti, ndipo pakompyuta chimalembedwa mu kbps kapena Mbps. Mbps imodzi ndi kbps 1,000. Popeza mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, kawerengedwe kake ndi aka:

```
MB = kbps × masekondi ÷ 8000
```

Mukasunga nambala imodzi m'mutu, isungeni iyi: kanema wa kbps 1,000 amadya MB 7.5 pa mphindi. Zina zonse zimene timasintha potulutsa kanema, monga 720p, RF ndi H.264, ndi njira chabe zotsitsira bitireti popanda diso kudandaula.

Chitsanzo changa ndi phunziro la mphindi 12 la kupeza x mu x² − 5x + 6 = 0. Ndinalijambula ndikulemba papepala, foni ili pamwamba kuyang'ana pansi. Foni yanga ikamajambula pa 1080p imadya pafupifupi Mbps 17. Mphindi 12 ndi masekondi 720, ndiye 17,000 kuchulukitsa ndi 720, kugawa ndi 8,000, tikupeza MB 1,530. Tiyerekeze kuti netiweki ya mwana uja ikuyenda pa kbps 500. Fayilo imeneyi ingamutengere pafupifupi maola 7, ndipo amalume sangadikire foni yawo mpaka tambala kulira. Foni siilakwa pojambula choncho. Imafinya kanema nthawi yomweyo imene ikujambula, ilibe mpata woganiza, ndiye imangothira data yambiri kuti pasawonongeke kanthu. Kompyuta ili ndi nthawi yoganiza, ndipo chithunzi chofanana ndi chomwecho imatha kuchisunga m'malo ochepa kwambiri.

Kuti timvetse zimene kompyuta imachita, tikumbukire kuti kanema ndi zithunzi zotsatana, kawirikawiri 30 pa sekondi. Pulogalamu yofinya sisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chimodzi chathunthu mwa apo ndi apo, ndipo pa zotsatirazo imangolemba zimene zasintha. Pa phunziro langa pepala silisuntha, tebulo silisuntha, chimene chikuyenda ndi dzanja ndi cholembera basi. N'chifukwa chake kanema wa phunziro amatha kuchepa kwambiri kuposa wa mpira, pomwe udzu, osewera ndi owonerera onse akusuntha nthawi imodzi.

Izi zikutanthauza kuti theka la ntchito limachitika musanatsegule n'komwe kompyuta. Foni ikagwiridwa pamanja imagwedera, ndipo kugwedera pang'ono kumeneko kumachititsa kuti chithunzi chonse chisinthe nthawi zonse. Ine ndimasanja mabuku mbali ziwiri, n'kupingasa kathabwa, n'kugoneka foni pamenepo kamera italunjika papepala. Chachiwiri ndi kuwala. Mukajambula m'chipinda chamdima, kamera imatulutsa timadontho tonyanyuka ngati mchenga, ndipo pulogalamu imatenga timadonthoto ngati zinthu zoyenda zofunika kusunga. Jambulani masana pafupi ndi zenera. Chachitatu, lembani zilembo zazikulu ndi cholembera chakuda chonenepa. Cholembera chofiira chisiyeni cha kuchongera. Makanema ambiri amasunga kuwala ndi mdima mwatsatanetsatane, koma mitundu amaisunga mwachidule, kadontho kamodzi ka mtundu pa timadontho tinayi ta chithunzi. Ndiye mzere wopyapyala wofiira, kaya ndi wa cholembera kapena wa choko pa bolodi, umayamba kuyerera zakuda zisanayambe.

Pofinya ndimagwiritsa ntchito HandBrake, pulogalamu yaulere imene imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Mukaitsegula mumasankha fayilo yochokera mufoni, ndipo ine ndimayambira pa Preset yotchedwa Fast 720p30. Pa Summary onetsetsani kuti Format ndi MP4, ndipo chongani Web Optimized. Kabokosi kameneka sikachepetsa fayilo, koma kamaika kalozera wa kanema kumayambiriro kwa fayilo, kuti amene akuwonera kudzera pa intaneti ayambe kuwona asanamalize kutsitsa.

Bwanji 720p osati 1080p? Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, tonse pamodzi topitirira 2 miliyoni. Cha 720p chili ndi timadontho 921,600, tosafika theka la tija. Pagalasi la foni losaposa chikhatho cha dzanja, kusiyana kwa ziwirizi pa zolemba zazikulu n'kovuta kukuona. Mungathe kutsika mpaka 480p, yomwe ili ndi timadontho pafupifupi 410,000, koma pamenepo zilembo zazing'ono zimayamba kuvutika. Ka 2 kapamwamba kakakhala ndi timadontho 18 mu msinkhu pa 1080p, pa 720p kamatsala ndi 12, pa 480p ndi 8 tokha. Timadontho 8 n'tochepa posiyanitsa 2 ndi 3 kanema akafinyidwa. Lamulo langa n'lakuti 480p ndi ya kanema amene ndikungolankhula kapena kuonetsa chinthu chachikulu, pomwe masamu amakhala pa 720p.

Chosintha chachikulu chili pa tsamba la Video. Pamenepo siyani Video Encoder pa H.264 (x264), sankhani Constant Quality, ndipo muona nambala yotchedwa RF. Nambalayi imasokoneza anthu chifukwa imayenda chobwerera: ikakhala yaing'ono kanema amaoneka bwino ndipo fayilo imakula, ikakhala yaikulu fayilo imachepa ndipo kanema amayamba kuwonongeka. Imachokera pa 0 kufika pa 51. Mukaonjezera 6, fayilo imachepa ndi pafupifupi theka. Ubwino wa njirayi ndi wakuti simuuza pulogalamu kuchuluka kwa data yoti idye, mumaiuza maonekedwe amene mukufuna. Dzanja likaima ndikufotokoza pakamwa, imadya pang'ono zedi. Ndikatembenuza pepala imadya zambiri kwa kanthawi, kenako n'kubwerera.

Kuipa kwake n'kwakuti simudziwiratu kukula kwa fayilo. N'chifukwa chake ndimayesa kaye mphindi imodzi. Pamwamba pali mawu akuti Range. Sinthani kuchoka pa Chapters kupita pa Seconds, ndipo sankhani mphindi imene pepala ladzaza kwambiri ndiponso dzanja likulemba. Musasankhe mphindi yoyamba, imene pepala n'loyera, chifukwa ikupatsani chiyembekezo chabodza. Pa phunziro lija ndinatenga mphindi yachisanu ndi chitatu n'kuifinya katatu. Pa RF 22 inatuluka MB 7. Pa RF 28 inatuluka MB 3.7. Pa RF 34 inatuluka MB 2.1. Manambala anu adzasiyana ndi awa malinga ndi kuwala ndi kukhazikika kwa foni yanu, koma katsikidwe kake kadzakhala kotere.

Tizidutswa titatuto sindinationere pa laputopu. Ndinatiika mufoni yakale ya galasi laling'ono, yofanana ndi imene ana ambiri amabwereka, chifukwa woweruza weniweni ndi ameneyo. Poonera ndimayang'ana zinthu zitatu. Choyamba, m'mbali mwa zilembo: kanema akafinyidwa kwambiri, pamaoneka kautsi konyanyuka kozungulira chilembo chilichonse ngati udzudzu. Chachiwiri, malo oyera a pepala ndi mthunzi wa dzanja: amayamba kugawika timabokosi. Chachitatu, nthawi imene dzanja langochoka pamene ndalemba: zolembazo zimakhala zosaoneka bwino kwa kanthawi, kenako n'kuwala. Pa RF 22 panalibe vuto lililonse. Pa RF 28 mthunzi wa dzanja unali ndi timabokosi pang'ono ukayang'anitsitsa, koma (x − 2)(x − 3) inawerengeka bwinobwino pamodzi ndi zizindikiro zake. Pa RF 34 chizindikiro chochotsera chimachedwa kuonekera dzanja likachoka, ndipo ka 2 kapamwamba kanali kotupa. Ndinasankha 28. Timabokosi ta mumthunzi sitilepheretsa mwana mayeso.

Phunziro lonse linatuluka MB 44, kuchoka pa MB 1,530. Tikabweza masamu aja, 44 kuchulukitsa ndi 8,000, kugawa ndi 720, tikupeza bitireti ya pafupifupi kbps 490. Apa pali mfundo yokoma: bitireti ya kanema ikafanana ndi liwiro la netiweki, nthawi yotsitsa imafanana ndi kutalika kwa kanemayo. Mwana wa kbps 500 uja adikira mphindi 12 m'malo mwa maola 7.

Pa tsamba lomwelo la Video pali zina ziwiri zothandiza. Encoder Preset imauza pulogalamu nthawi yoti iganize. Mukaikankhira ku Slow, kompyuta imachedwa kumaliza, koma imapeza njira zabwino zosungira chithunzi m'malo ochepa. Mwana salipira kanthu pa kuchedwaku, wodikira ndinu. Ine ndimaika Slow n'kupita kukachonga makope, pokhapokha ngati magetsi azima ndipo batire la laputopu latsala pang'ono, pamenepo ndimaika Fast. Chinacho ndi Framerate (FPS). Pa dzanja lolemba papepala, zithunzi 15 pa sekondi n'zokwana. Koma musayembekezere kuti kuchoka pa 30 kupita pa 15 kudula fayilo pakati. Zithunzi zimene mwachotsazo zinali zotchipa kale chifukwa zinali zofanana ndi zinzake, ndiye phindu lake ndi laling'ono poyerekeza ndi la RF.

Mawu ndi amene ambiri amawaiwala. Preset ija imasunga mawu pa kbps 160, m'njira ziwiri za kumanja ndi kumanzere, ngati nyimbo. Pa mphindi 12 amenewo ndi MB 14, gawo lalikulu ndithu pa fayilo yaing'ono chonchi. Mphunzitsi ali ndi pakamwa pamodzi, ndipo mafoni ambiri otchipa ali ndi sipika imodzi. Pa tsamba la Audio siyani Codec pa AAC, ikani Mixdown pa Mono, ndi Bitrate pa 64. Mawu amatsika kufika pa MB 6 osakwana, ndipo manambala onse amene ndapereka pamwambapa ndi a mawu otere. Sindikonda kutsika kwambiri kupitirira pamenepa, chifukwa mawu amayamba kumveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. Mwana amapirira chithunzi chosawala, koma akalephera kusiyanitsa 15 ndi 50 m'makutu phunziro lapita.

Wina afunsa za H.265, imene ilinso pamndandanda wa Video Encoder. N'zoona kuti imatulutsa fayilo yocheperapo pa maonekedwe ofanana. Vuto lake n'lakuti mafoni ena akale saitha. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amamveka koma galasi lili bii, kapena chithunzi chimayenda modukizadukiza, kapena foni imangokana kutsegula fayilo. H.264 inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo pafupifupi foni iliyonse yoonetsa kanema imaidziwa. Kupulumutsa MB 10 n'kusiya ana asanu akuyang'ana mdima si malonda abwino. Dziwaninso kuti mafoni ena atsopano amajambula mu H.265 pokhapokha mutasintha, ndiye kudutsitsa kanema mu HandBrake kumathetsanso vuto limeneli.

Nthawi zina malire amakhala oikika kale. Tinene kuti ana agwirizana kuti sangapitirire MB 30 pa phunziro limodzi. Pamenepo RF sithandiza, mumawerengera chobwerera. MB 30 kuchulukitsa ndi 8,000, kugawa ndi masekondi 720, tikupeza kbps 333. Chotsanipo 64 ya mawu, kwatsala 269. Siyani kampata pang'ono, lembani 260 pa Avg Bitrate (kbps) m'malo mwa Constant Quality, ndipo chongani Multi-Pass Encoding, imene pa HandBrake yakale inkalembedwa 2-Pass Encoding. Pulogalamu imayamba yaonera kanema yense kuti idziwe malo ovuta, kenako n'kugawa data mwanzeru. Zotsatira zake ziyeseni pafoni monga poyamba. Ngati zilembo sizikuwerengeka, musalimbane ndi manambala, fupikitsani phunzirolo. Kudula malonje ataliatali ndi nthawi yofufuta kumachepetsa fayilo popanda kuwononga chilembo ngakhale chimodzi.

Inu ana anga amene munapita ku zamakompyuta, zonsezi zimatheka ndi mzere umodzi wa ffmpeg:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vf "scale=-2:720,fps=15" -c:v libx264 -preset slow -crf 28 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 64k -ac 1 -movflags +faststart phunziro_720.mp4
```

Apa `-crf` ndiye RF uja, `-ac 1` ndiye Mono, ndipo `+faststart` ndiye Web Optimized. Mzerewu ndi wa kanema wojambulidwa foni itagona chammbali. Amene mulibe kompyuta ndipo mumakonzera kanema pafoni pomwepo, mapulogalamu ambiri a pafoni amakupatsani Resolution, Frame rate ndi Bitrate potulutsa. Sankhani 720p ndi bitireti yotsika, yesani kachidutswa, ndipo kawerengedwe kaja kakuuzani kukula kwa fayilo yonse.

Patsala msampha umodzi, pa kutumiza. Mukatumiza kanema pa WhatsApp kudzera pa Gallery, amafinyidwanso kachiwiri mwa njira yakeyake, yosadziwa kuti ka 2 kapamwamba n'kofunika. Kanema wofinyidwa kawiri amakhala ngati fotokope ya fotokope. Tumizani kudzera pa Document. Fayilo imafika monga momwe mwaitulutsira, ndipo mwana amaona kukula kwake asanadine. Njira yotsimikizira n'njosavuta: funsani mwana mmodzi kuti kwa iye yafika MB zingati. Ngati mwatumiza 44 iye n'kunena 44, palibe chimene chakhudzidwa panjira. Dzina la fayilo likhale lomveka, monga fomu4_masamu_3.mp4, ndipo mu uthenga lembani mutu wa phunziro, mphindi zake ndi MB zake, kuti mwana asankhe yekha ngati bandulo yake ikwana lero kapena adikire. Phunziro lalitali ligaweni m'zigawo za mphindi 5 kapena 6, kuti netiweki ikavuta akhale atapezako chigawo chimodzi chathunthu. Ndimalimbikitsanso ana oyandikana nyumba kuti mmodzi atsitse, enawo atengere kwa iye pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Fayilo ya MB 44 imatheka kupatsirana choncho, ya MB 1,530 ayi.

Manambala angawa ali ndi malire ake. Ndi a pepala kapena bolodi, foni yokhazikika ndi kuwala kwabwino. Anzanga a sayansi mukamajambula kamwala kolendewera pa chingwe kakupita uku ndi uku, siyani zithunzi 30 pa sekondi, chifukwa kayendedweko ndiye phunziro lenilenilo. Mukamajambula madzi akusintha mtundu mu botolo, tsitsani RF kufika cha pa 24, chifukwa mtundu wotuwa umene ukungoyamba kuonekera ndi umene umasowa msanga. A zaulimi mukamajambula m'munda wa chimanga mphepo ikuwomba, fayilo idzakula ngakhale mutatani, chifukwa tsamba lililonse likusuntha. Kumeneko yandikirani chomera chimodzi, ndipo kanema akhale wamfupi. Pa phunziro lililonse dzifunseni kuti kanthu kakang'ono kwambiri kamene mwana ayenera kuona ndi kati, ndipo kwezani RF pang'onopang'ono mpaka kanthuko katayamba kuvuta, kenako bwererani masitepe awiri.

Pomaliza, fayilo yaikulu yochokera mufoni musaifufute msanga. Isungeni pa kompyuta kapena pa fulashi. Mukadzafuna kudula kapena kutulutsanso kanemayo chaka chamawa, yambirani pa yaikuluyo, chifukwa zimene zatayika pofinya sizibwereranso.